Madontho anayi osintha zonse: kuwerenga girafu ya asidi wofooka ndi besi wamphamvu

Mukathira viniga wosungunula m'kabika, n'kuyamba kudonthezeramo sodiamu haidirokisaidi, mutha kutha mphindi zambiri nambala ya pa mita yoyezera pH ikungosuntha pang'onopang'ono. Kenako pamafika pena pamene madontho anayi okha amachotsa pH pa 7.1 n'kukaisiya pa 10.3. Mukapitirira pamenepo nambalayo imayambiranso kuyenda mwaulesi, ngakhale mutathira besi wochuluka bwanji. Ophunzira ambiri a ku sekondale amadziwa mphindi imeneyi chifukwa cha mtundu wa pinki umene umatulukira mwadzidzidzi m'botolo, koma mtunduwo umangoonetsa malo amodzi pa nkhani yaitali. Nkhani yonse imaoneka mukalemba pH pambuyo pa kuthira kulikonse n'kujambula girafu.

Ntchito imeneyi imatchedwa taitireshoni. Girafu yake ili ndi malo awiri ofunika, ndipo amayankha mafunso osiyana. Pamene mzere waima chilili pamatiuza kuchuluka kwa asidi amene analipo. Pamene mzere wagona kwambiri pamatiuza kuti asidiyo ndi wamphamvu motani, ndipo nthawi zambiri zimenezo zimatithandiza kumuzindikira kuti ndi uti. Zolakwa zambiri zimene ndimaona pa girafuyi zimachokera pa kusokoneza mafunso awiriwa.

Titenge chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. M'kabika muli 25.0 mL ya asetiki asidi, yemwe ndi asidi wa mu viniga, wa mphamvu ya 0.100 M. Chilembo M chikuimira mamole pa lita imodzi, ndipo mole ndi muyezo wowerengera tinthu ting'onoting'ono totchedwa mamolekyu. Pamwamba pa kabikako paima byureti, chubu chagalasi chachitali chokhala ndi manambala ndi kampopi pansi, chodzaza ndi sodiamu haidirokisaidi wa 0.100 M. Ameneyu ndi kositiki soda yemwe uja wopangira sopo, kungoti pano ndi woyeretsedwa komanso woyezedwa bwino. Amaotcha khungu ndipo m'maso ndiye woopsa zedi, choncho magalasi oteteza amavalidwa botolo lisanatsegulidwe. Awiriwa akakumana chimachitika ndi ichi:

CH₃COOH + NaOH → CH₃COONa + H₂O

Molekyu imodzi ya asidi imathana ndi imodzi ya besi, n'kutsala madzi ndi mchere wotchedwa sodiamu asiteti. M'kabikamo muli mamilimole 2.50 a asidi, popeza 25.0 kuchulukitsa ndi 0.100 ndi 2.50. Ndiye kuti pafunikanso mamilimole 2.50 a besi, omwe ndi 25.0 mL ya m'byureti. Pa girafu, mzere wa m'munsi umasonyeza mamililita a besi amene tathira, ndipo mzere wa m'mbali umasonyeza pH.

Kwa amene anayendapo kuchokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre, maonekedwe a girafuyi si achilendo: msewu umayenda ndithu m'chigwa cha Shire, kenako n'kukwera phiri motsetsereka kwambiri pa mtunda waufupi, n'kukafika pamwamba pomwe umagonanso.

Poyambira ndi chigawo chogona

Tisanathire kanthu, pH ya asidi wathu ndi 2.87. Akanakhala haidirokiloriki asidi wa 0.100 M yemweyo, pH ikanakhala 1.00. Kusiyanaku n'kwakukulu kuposa mmene manambala akuonekera, chifukwa sitepe imodzi ya pH imatanthauza kusintha kakhumi kwa maayoni a haidirojeni omasuka m'madzi. Asidi wamphamvu amatulutsa haidirojeni yake yonse akangolowa m'madzi. Wofooka amaumira. Mu asetiki asidi wathu, molekyu imodzi yokha pa mamolekyu pafupifupi 75 ndiyo yatulutsa haidirojeni yake, zina zonsezo zikadali zathunthu. Kufooka kwa asidi sikutanthauza kuti ndi wochepa kapena wosungunuka kwambiri ayi. Asidi awiriwa, wamphamvu ndi wofooka, adzadya besi wofanana, 25.0 mL aliyense, chifukwa besi akamachotsa haidirojeni yomasukayo mamolekyu ena amatulutsanso yawo, mpaka onse atatha.

Mamililita oyambirira amakweza pH mofulumirirapo. Pofika pa 2.5 mL ili kale pa 3.79, ndipo pa 5.0 mL ili pa 4.14. Kachitunda kakang'ono ka poyambirira aka ndi chizindikiro choyamba chakuti asidi ndi wofooka. Girafu ya asidi wamphamvu imayamba pansi kwambiri n'kungoyenda chogona popanda kachitunda kotere.

Kuchokera apa mzere umagona. Pakati pa 5 mL ndi 20 mL timathira besi woposa theka la yense wofunika, koma pH imangochoka pa 4.1 kufika pa 5.3. Chifukwa chake n'chakuti m'kabikamo tsopano muli zinthu ziwiri zochuluka nthawi imodzi: asidi amene sanagwidwebe, ndi asiteti amene wapangika. Dontho lililonse la besi likagwa, asidi wotsalayo amalimeza n'kusanduka asiteti, motero haidirokisaidi sapeza mpata woti achulukane. Chisakanizo chotere, cha asidi wofooka ndi mchere wake, chimatchedwa bafa, ndipo pH yake imadalira kuti awiriwa achulukirana motani. Lawrence Henderson wa ku America analemba ubale umenewu m'chaka cha 1908, ndipo patapita zaka zochepa Karl Hasselbalch wa ku Denmark anauika m'kalembedwe ka pH kamene timagwiritsa ntchito lero:

pH = pKa + log([A⁻]/[HA])

Apa [HA] ndi asidi wotsala, [A⁻] ndi mchere wake, ndipo pKa ndi nambala ya asidi aliyense payekha yosonyeza mphamvu yake. Nambalayi ikakhala yaing'ono ndiye kuti asidi ndi wamphamvuko, ikakhala yaikulu ndiye kuti ndi wofooka kwambiri. Ya asetiki asidi pa 25 °C ndi 4.74 tikatenga Ka kukhala 1.8 × 10⁻⁵, ngakhale mabuku ena amalemba 4.76.

Pa theka

Tsopano tayang'anitsitsani pa 12.5 mL. Tathira mamilimole 1.25 a besi, ndipo asandutsa mamilimole 1.25 a asidi kukhala asiteti. Otsala ndi 1.25 omwewo. Asidi ndi mchere wake afanana ndendende, choncho [A⁻]/[HA] ndi 1, ndipo log ya 1 ndi 0. Chimene chatsala pa fomyula ija ndi pH = pKa basi. Mita ikuwerenga 4.74, ndipo nambala imeneyo ndi pKa ya asidi wathu, yowerengedwa pa girafu popanda masamu ena alionse.

Malo amenewa, omwe amatchedwa theka la ikwivalensi, ine ndimawaona kuti ndi okoma kuposa ena onse pa girafuyi, ngakhale saoneka ndi maso. Palibe mtundu wosintha, palibe kudumpha kwa nambala. Ndi pamene mzere wagona kuposa pena paliponse m'chigawo cha bafa. Pa 12.0 mL pH ndi 4.71, pa 13.0 mL ndi 4.78. Munthu atalakwitsa ndi theka la mililita, komwe ndi kulakwitsa kwakukulu pa byureti, pKa yake idzangosiyana ndi yeniyeni ndi 0.03 kapena 0.04.

Komanso malo amenewa sasamala za madzi. Kawirikawiri pamafunika kuonjezera madzi m'kabika kuti kagalasi ka mita kamire bwino, ndipo anthu amada nkhawa kuti aononga zotsatira. Madziwo amasungunula asidi ndi asiteti mofanana, kuchulukirana kwawo n'kukhalabe chimodzimodzi, pH ya pa theka osasuntha. Mamililita a besi ofunika nawonso sasintha, poti madzi sanaonjezere kapena kuchotsa molekyu ya asidi ngakhale imodzi. N'chifukwa chake nambala ya pa theka imathandiza kuzindikira asidi wosadziwika. Ikakhala pafupi ndi 3.75 mungaganizire fomiki asidi, pafupi ndi 3.86 lakitiki asidi wa mu chambiko, pafupi ndi 4.2 benzoiki asidi. Si umboni wokwanira pawokha, chifukwa asidi angapo amatha kukhala ndi pKa zoyandikana, koma imachotsa ambiri pa mndandanda wa okayikiridwa.

Vuto ndi lakuti theka limeneli simungalipeze musanapeze mapeto ake. Kuti mudziwe kuti 12.5 mL ndi theka, muyenera kudziwa kaye kuti yonse ndi 25.0 mL. Ndiye ngakhale pothira besi timadutsa pa theka poyamba, powerenga girafu timayambira pa chikweza n'kubwerera m'mbuyo.

Chikweza

Kuyambira pa 22 mL bafa imayamba kutha mphamvu, chifukwa asidi wotsala wachepa. Kuchoka pa 22 kufika pa 23 mL pH imakwera ndi 0.2, ndipo kuchoka pa 23 kufika pa 24 mL imakwera ndi 0.3, n'kufika pa 6.12. Wodziwa ntchito akaona kuti sitepe iliyonse ikuposa inzake motere amachepetsa dzanja pa kampopi, n'kuyamba kuthira 0.1 mL nthawi imodzi, omwe ndi madontho pafupifupi awiri. Manambala amene amatsatira ndi awa: pa 24.8 mL pH ndi 6.84, pa 24.9 mL ndi 7.14, pa 25.0 mL ndi 8.72, pa 25.1 mL ndi 10.30, ndipo pa 25.2 mL ndi 10.60.

Pa 25.0 mL mpamene besi wothiridwa wakwanirana ndi asidi yense amene analipo. Apa ndiye pa ikwivalensi. Ndipo taonani kuti pH yake si 7, koma 8.72.

Anthu ambiri zimawavuta kuvomereza zimenezi, chifukwa anaphunzira kuti asidi ndi besi akathana pamatsala madzi ndi mchere, ndipo 7 ndiyo pH ya pakati. Zimenezo n'zoona pa asidi wamphamvu ndi besi wamphamvu, pomwe mchere wotsala, monga sodiamu kiloraidi wa m'khitchini, suchita kanthu ndi madzi. Asiteti ndi wosiyana. Paja tinati asetiki asidi amaumira haidirojeni yake. Ndiye akailandidwa n'kusanduka asiteti amafunabe kuibweza, ndipo poti asidi wina yense watha, amakaitenga ku madzi:

CH₃COO⁻ + H₂O ⇌ CH₃COOH + OH⁻

Molekyu iliyonse ya madzi yolandidwa haidirojeni imasiya OH⁻, ndipo ameneyu ndi amene amakankhira pH pamwamba pa 7. Ndi maayoni ochepa kwambiri a asiteti amene amachita zimenezi, pafupifupi imodzi pa 10,000, koma pomwe palibenso asidi wotsala woti alimbane nawo, ochepawo ndi okwanira.

Kuwerengera kwake sikovuta, kungoti pali pamodzi pomwe ambiri amapunthwa. Mamilimole 2.50 a asiteti sali mu 25.0 mL, ali mu 50.0 mL, chifukwa madzi a m'byureti aonjezereka pa a m'kabika. Choncho mphamvu ya asiteti ndi 0.050 M, osati 0.100 M. Kenako timapeza Kb, yosonyeza mphamvu ya asiteti ngati besi, pogawa Kw ya madzi ndi Ka ya asidi:

Kb = Kw / Ka = (1.0 × 10⁻¹⁴) / (1.8 × 10⁻⁵) = 5.6 × 10⁻¹⁰

[OH⁻] = √(Kb × 0.050) = 5.3 × 10⁻⁶ M

Nambala yomalizayi ikupereka pOH ya 5.28, ndipo tikaichotsa pa 14.00 tipeza pH ya 8.72. Woiwala kuphatikiza mamililita aja amapeza 8.87, yankho looneka ngati labwinobwino moti sangadzikayikire. Onaninso kuti pH ya pa ikwivalensi, mosiyana ndi ya pa theka, imasuntha ndi madzi. Mukanakhala kuti munaonjezera 50 mL ya madzi poyamba paja, asiteti akanakhala 0.025 M ndipo pH ikanatsikira pa 8.57. Ndiye 8.72 si nambala ya asetiki asidi yoti munthu ailoweze pamtima. Ndi ya chisakanizo ichi chokha. Fomyula ya Henderson ndi Hasselbalch nayonso sigwira ntchito pano, chifukwa imafuna kuti asidi ndi mchere wake onse akhalepo ochuluka.

Tikadutsa ikwivalensi, asiteti salinso ndi mawu. Amene akulamulira pH ndi besi woonjezera yekha: pa 26 mL pH ndi 11.29, pa 30 mL ndi 11.96, ndipo mzere umagona n'kumayandikira 13 osafikapo. Chigawo chimenechi n'chofanana ndi cha girafu ya asidi wamphamvu, choncho sichikutiuza chilichonse za asidi amene tinayamba naye.

Kupeza malo awiriwa pa pepala

Mukapatsidwa girafu yojambulidwa kale, yambani ndi chikweza. Ikwivalensi ili pamene mzere waima kwambiri, pomwe ukusiya kupindira m'mwamba n'kuyamba kupindira cham'mbali. Ndi maso, pamakhala chapakatikati pa chigawo choimacho. Ndi rula mutha kuchita bwinoko: jambulani mizere iwiri yoyendera limodzi, wina wokhudza pokhota pa m'munsi, wina wokhudza pokhota pa m'mwamba, kenako wachitatu pakati penipeni pa iwiriyo. Pamene wachitatuyo wadula girafu ndi pamene mukufuna. Ngati muli ndi manambala, njira yodalirika ndi kuona kuti pH yasintha motani pa sitepe iliyonse. Pa manambala athu aja, masitepe a 0.1 mL akweza pH ndi 0.30, kenako 1.58, kenako 1.58, kenako 0.30. Kusintha kwakukulu kwazungulira 25.0 mL, ndipo pamenepo ndiye pa ikwivalensi.

Mukapapeza, tsikani molunjika mpaka pa mzere wa m'munsi muwerenge mamililita. Gawani mamililitawo pawiri. Kuchokera pa theka limenelo kwerani mpaka mukhudze girafu, ndipo mutembenukire kumanzere mukawerenge pH. Imeneyo ndiyo pKa.

Chogawidwa pawiri ndi mamililita, osati pH. Wogawa 8.72 pawiri amapeza 4.36, ndipo popeza nambalayi yayandikira 4.74 amaona ngati wakhoza n'kuimba mlandu mita kuti ndiyo yalakwitsa pang'ono. Kuyandikirako n'kwamwayi chabe. Enanso amagawa pawiri mamililita omalizira pa girafu. Ngati wothira anapitiriza mpaka 40 mL, theka lake ndi 20 mL, pomwe pH ndi 5.3, yankho losiyana ndi loona ndi 0.6. Pa Ka, kusiyana kumeneko ndi kanayi.

Pali chinthu china chimene girafu imaphunzitsa mwakachetechete. Pa chikweza, mamililita amawerengeka molondola kwambiri, koma pH siwerengeka bwino, poti kulakwitsa ndi madontho awiri okha kumaisuntha ndi 1.6. Pa theka zinthu n'zotembenuka: pH imawerengeka bwino ngakhale mamililita atakhala olakwika pang'ono. Choncho njira yanzeru ndi kutenga mamililita pa chikweza, kutenga pKa pa theka, ndipo pH ya pa ikwivalensi n'kuiwerengera ndi masamu aja. Nambala yowerengedwa ndi maso pa chikweza ingogwira ntchito yotsimikizira kuti masamu sanasochere, mwachitsanzo kuti yankho lili pakati pa 8 ndi 9.

Botolo la viniga wa m'sitolo

Manambala a 25.0 ndi 12.5 ndi osalala chifukwa tinachita kuwasankha. Tiyeni tione viniga wa m'sitolo wolembedwa kuti ali ndi asidi 5 pa 100 alionse. Ameneyu ndi wamphamvu kwambiri pa besi wathu, choncho timatenga 10.0 mL n'kuonjezera madzi mpaka 100 mL, kenako n'kutapa 25.0 mL ndi pipeti. Tinene kuti chikweza chapezeka pa 20.8 mL. Ndiye kuti asidi analipo mamilimole 2.08 mu 25.0 mL, yomwe ndi 0.0832 M, ndipo m'botolo lenileni ndi kakhumi kuposa apo, 0.832 M. Mole imodzi ya asetiki asidi imalemera magalamu 60, choncho lita imodzi ili ndi magalamu pafupifupi 50. Zikugwirizana ndi zolembedwa pa botolo. Theka lili pa 10.4 mL, ndipo pH ya pamenepo idzakhalanso pafupi ndi 4.7 ngakhale mamililita onse asintha.

Munthu amene akanathira mililita imodzi imodzi mpaka kumapeto akanaona pH ya 6.1 pa 20 mL ndi 10.6 pa 21 mL, pakati pake popanda kanthu. Akanalumikiza madontho awiriwo ndi rula n'kutenga pakati, 20.5 mL, ndipo viniga akanaoneka wochepa mphamvu kuposa mmene alili. Girafu yokhala ndi mzere wowongoka wautali pa chikweza, wopanda timadontho m'kati mwake, imasonyeza kuti wothira anathamanga. Mankhwala ake ndi kuchita ntchitoyi kawiri, koyamba mofulumira kuti mudziwe dera la chikweza, kachiwiri mosamala.

Pamene palibe mita, pamagwiritsidwa ntchito mankhwala osintha mtundu, ndipo girafu ndi imene imatiuza oyenera. Fenofutalini alibe mtundu mu asidi ndipo amasanduka pinki pakati pa pH 8.2 ndi 10. Dera limeneli lili m'kati mwa chikweza chathu, ndiye mtundu umasintha pa dontho limodzi. Timaima pinki wotuwa akakhala kwa masekondi pafupifupi 30. Akazimiririka patapita mphindi zingapo si chifukwa chakuti munaima msanga, ndi mpweya wa kaboni daiokisaidi wa mumlengalenga umene walowa n'kutsitsa pH. Methilo olenji, yemwe amagwira bwino ntchito pa asidi wamphamvu, pano ndi wosocheretsa. Amasintha pakati pa pH 3.1 ndi 4.4, ndipo pa chitsanzo chathu choyamba pH imadutsa 4.4 tisanafike pa 8 mL. Mtundu wake umasintha pang'onopang'ono osadziwika pomwe wathera, asidi woposa magawo awiri mwa atatu akadali chikhalire.

Mpweya womwewo umaononganso besi. Sodiamu haidirokisaidi amayamwa chinyezi ndi kaboni daiokisaidi, moti botolo lokhala nthawi yaitali likutsegulidwatsegulidwa silikhalanso la 0.100 M ngakhale litalembedwa choncho. Zikatero pamalowa mamililita ambiri kuposa oyenera, asidi n'kuoneka wochuluka, ndipo chikweza chimaoneka chopendekera m'malo moima. N'chifukwa chake m'malabotale amasungunula besi m'madzi owiritsa kale, n'kumuyeza kaye ndi asidi wolimba wodziwika kulemera kwake, kawirikawiri potaziyamu haidirojeni futaleti. Mita yosakonzedwa bwino imalakwitsa mwa mtundu wina: imakweza kapena kutsitsa girafu yonse. Mamililita a pa chikweza amakhalabe olondola, koma pKa imalakwika. Choncho mita imayamba yaviikidwa m'mabafa odziwika a pH 4, 7 ndi 10. Ngakhale zonse zitakonzedwa bwino, si zachilendo kupeza nambala yotsikirapo pang'ono, monga 4.65 kapena 4.7, chifukwa mchere umene ukuchulukana m'kabika umasintha pang'ono khalidwe la maayoni.

Pamene lamulo la theka limathera

Zonse tafotokozazi zimagwira ntchito pa asidi wotulutsa haidirojeni imodzi, wosafooka mopitirira, komanso wosasungunuka mopitirira. Pali njira yapafupi yoonera ngati mfundo yoyambayo ikukwaniritsidwa. Werengani pH pa kota ya mamililita a ikwivalensi, muwerengenso pa makota atatu. Pa asidi mmodzi wa haidirojeni imodzi, yoyamba imakhala 0.48 pansi pa pKa ndipo yachiwiri 0.48 pamwamba pake. Pa chitsanzo chathu ndi 4.27 pa 6.25 mL ndi 5.22 pa 18.75 mL. Kusiyana kwa ziwirizi kukaposa 1 ndi zambiri, m'kabikamo muli zoposa zimene mukuganiza. Madzi a mandimu ndi chitsanzo chabwino. Sitiriki asidi wa m'menemo ali ndi mahaidirojeni atatu, a pKa 3.13, 4.76 ndi 6.40, ndipo poti n'zoyandikana, girafu imakwera mosalekeza n'kukhala ndi chikweza chimodzi chokha kumapeto. Theka la mamililita limapereka nambala ndithu, koma kunena kuti imeneyo ndiyo pKa ya asidi wa mandimu n'kubisa ziwiri zinazo.

Asidi akakhala wamphamvuko, wa pKa yozungulira 2, kapena akasungunulidwa kwambiri, amakhala atatulutsa kale gawo lalikulu la haidirojeni yake besi asanafike. Pamenepo asidi ndi mchere wake amafanana tisanafike pa theka la mamililita, ndipo pH ya pa theka imakhala pamwamba pa pKa yeniyeni.

Kumbali inayo, asidi akamafookerafookera, chigawo chogona chimakwera m'mwamba pamene denga la girafu lili pomwepo, ndipo chikweza chimafupika. Apa mpamene chizolowezi choima pa pH 7 chimaonekera kuipa kwake. Pa asetiki asidi, woima pa 7 amaperewera ndi madontho atatu okha, ndipo mwina sangazindikire n'komwe. Koma haipokilorasi asidi, amene amapangika kilorini akathiridwa m'madzi akumwa, ali ndi pKa ya pafupifupi 7.5. Pa iyeyu pH imadutsa 7 besi asanathane n'komwe ndi kota ya asidi, ndipo ikwivalensi imakapezeka cha ku pH 10, komwe fenofutalini wasintha kale mtundu. Boriki asidi, wa pKa 9.24, amafika poti chikweza sichionekanso bwino, ndipo rula kapena mankhwala osintha mtundu sizingakuuzeni pomwe besi wakwanira. Akatswiri amayamba athiramo manito kapena giliserini, zomwe zimagwirana ndi boriki asidi n'kumusandutsa wamphamvuko, ndipo chikweza chimabwerera moti fenofutalini amathanso kuchigwira.